Mizere ya pansi ikuonekabe, koma kodi nsapato yothamangirayi yatha?

*"Ndimakhala ku Ulongwe ndipo ndimathamanga kanayi pa mlungu, makilomita 8 ulendo uliwonse, pa msewu wafumbi. Ndimalemera makilogalamu 78. Nsapato ndinagula pa kaunjika miyezi isanu yapitayo. Pansi pake mizere ikuonekabe bwinobwino, koma misongolo yayamba kuwawa. Mnzanga akuti nsapato yothamangira imatayidwa ikakwana makilomita 500. N'zoona zimenezi? Nanga pogula ina ndiyang'ane siponji yotani?"*

Achimwene, mizere ya pansiyo musaikhulupirire kwambiri. Tengani nsapatoyo muiyang'ane cha m'mbali. Muona kuti pansi penipeni pali mphira yopyapyala, yolimba, imene imakhudza dothi. M'kati muli choyala chimene chimachoka mukachikoka, chokhuthala mamilimita atatu kapena asanu basi. Pakati pa ziwirizi pali siponji yokhuthala, kawirikawiri yoyera, imene pa chidendene imafika mamilimita 25 mpaka 40. Siponji imeneyi ndiyo imalandira thupi lanu nthawi iliyonse phazi likagunda pansi, ndipo ndiyo imayamba kufa. Mphira ya pansi inapangidwa kuti ipirire kukhulika pa tara, ndiye pa msewu wafumbi ngati wanuwo imachedwa kwambiri kuperepeseka. Nsapato ikhoza kuoneka yanyuwani kunsi pamene m'kati inaphwa kalekale.

Kuti mumvetse mmene siponji imafera, muyenera kudziwa kuti mbali yaikulu ya siponjiyo ndi mpweya. Opanga amasungunula pulasitiki n'kuifufumitsa, monga mmene ufa wa mandasi umafufumira, ndipo m'kati mumapangika timatumba tambirimbiri ta mpweya, tating'ono kwambiri moti maso paokha satha kutiona bwino. Kusiyana kwake ndi matiresi n'kwakuti timatumba ta matiresi n'totsegula, mpweya umalowa ndi kutuluka momasuka, pamene ta nsapato n'totseka, kalikonse kali ngati kampira kopopa. Mukaponda, mpweya wa m'timatumbamo umapanikizika ndipo makoma a timatumbato amapindika. Mukadzutsa phazi, zonse zimabwerera. Koma sizibwerera ndendende pamene zinali. Mpweya pang'ono umadutsa m'makomawo n'kuthawa, makomawo amachita makwinya, kenako amang'ambika. Kathumba kakang'ambika sikadzapopekanso. Palibe kupuma, kuchapa kapena kusoka kumene kungakabwezeretse.

Tiyeni tiwerengere zanu. Kanayi pa mlungu, makilomita 8, ndi makilomita 32 pa mlungu. Miyezi isanu ndi milungu pafupifupi 22, ndiye kuti mwathamanga makilomita 704. Ngati munaphonyako milungu iwiri kapena itatu, tinene kuti 600 ndi kakuti. Munthu wothamanga liwiro lapakatikati amaponda pafupifupi ka 1,000 pa kilomita imodzi, kutanthauza ka 500 phazi lililonse. Choncho nsapato iliyonse mwa ziwirizo yagunda pansi koposa ka 300,000. Ndipo pothamanga phazi silitera ndi kulemera kwa thupi kokha, limatera ndi mphamvu yowirikiza kawiri kapena katatu. Kwa inu ndi ngati makilogalamu 160 mpaka 230 akugwera pa kachigawo ka siponji kosaposa chikhatho. Zonsezi ndi makilomita anu okha. Amene anaivala poyamba, kutsidya la nyanja kumene inachokera, anadyapo gawo lake, ndipo anthu ambiri nsapato yothamangira saipereka ikadali ndi mphamvu zake zonse. Ngati mumaivalanso popita kumsika kapena kuntchito, onjezani pamenepo, ngakhale kuyenda sikupweteka siponji ngati kuthamanga.

Ndiye mnzanu uja sananame kwenikweni, koma nambala ya 500 aigwira molimba kwambiri. Opanga ndi ogulitsa nsapato amanena kuti makilomita 500 mpaka 800. Ndi muyeso wongotsogolera. Si kuti pa kilomita ya 499 nsapato ili bwino ndiye pa 501 yasanduka mdani. Mmene siponji imathera n'zosiyana ndi zimene ambiri amaganiza. Mu 1985, akatswiri ena ku America, Cook, Kester ndi Brunet, anaika nsapato pa makina ozigunda ngati phazi. Anapeza kuti patangotha makilomita ngati 80, nsapato zinatsala ndi magawo 75 pa 100 a mphamvu yake yofewetsa kugunda. Pofika makilomita 160 mpaka 240 zinatsala ndi magawo 67. Pakati pa makilomita 400 ndi 800 zinali zitatsika kufika pansi pa magawo 60. Nsapato zimene anthu enieni anathamangira zinathako pang'onopang'ono kusiyana ndi za pa makina: pa makilomita 800 zinali ndi magawo pafupifupi 70.

Taonani bwino manambalawo. Kutaya kwakukulu kumachitika m'milungu yoyambirira, nsapato ikadali kununkha unyuwani. Pambuyo pake imatsika pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ngati phala limene limazizira msanga pamwamba koma pansi n'kukhalabe lofunda. Ichi n'chifukwa chake munthu sazindikira tsiku limene nsapato inatha. Thupi limazolowera tsiku ndi tsiku, bondo limapindika mowonjezera pang'ono, akatumba amagwira ntchito imene siponji yasiya, mpaka tsiku lina mwavala yatsopano n'kudabwa kuti munkathamangira thabwa. Siponji za masiku ano zina n'zabwino kuposa za 1985, koma kathedwe kake n'komweko: msanga poyamba, pang'onopang'ono pambuyo.

Kafukufuku wina wa mu 2004, wa Verdejo ndi Mills ku Birmingham, anayang'ana siponji ya nsapato zothamangira pa makina okuza zinthu. Atathamangira nsapato makilomita 500, kupanikiza kwa pansi pa phazi kunali kutawirikiza kawiri, ndipo pa makilomita 750 makoma a timatumba tija anali ndi makwinya ndi mabowo. Apa ndi pamene nambala ya mnzanu ili ndi maziko. Koma amenewo ndi makilomita a siponji ya mtundu umodzi, ndipo mitundu ilipo ingapo.

Wofala kwambiri ndi EVA. Ndi pulasitiki yomweyo imene amapangira mapatapata, kungoti ya nsapato amaikonza mosamala. Inayamba kugwiritsidwa ntchito m'nsapato zothamangira m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka lero nsapato zambiri zimene mungapeze zitaunjikidwa pa msika wa Ulongwe, ku Zobwe kapena pa Kwachena mumzinda wa Tete zili ndi siponji imeneyi. N'njopepuka, n'njotchipa, ndipo imaoneka yosalala m'mbali. Vuto lake ndi limene mumalidziwa kale pa mapatapata: pakapita nthawi pamakhala chidindo cha chidendene ndi zala chimene sichichokanso. EVA imaphwa n'kuuma. Imamvanso nyengo. M'mawa wa Juni kapena Julayi ku Angoniya kuno, pamene mame amaluma zala, imakhala yolimbirapo. Pa tara wa ku Tete kapena ku Mowatize mu Okutobala, kutentha kukadutsa madigiri 40, imafewa ndipo imaphwa mosavuta. Kwa munthu wolemera ngati inu, EVA wamba yatsopano muiyembekezere makilomita 500 mpaka 700. Wopepuka wa makilogalamu 55 akhoza kuidutsitsa 800 osadandaula.

Wachiwiri ndi TPU yofufumitsa. Iyi n'njosavuta kuizindikira, chifukwa imaoneka ngati timbewu toyera tomatikizana, ngati mbuliuli zopanikizidwa pamodzi. Kampani ya Adidas inaitulutsa mu 2013 ndi dzina lakuti Boost, mogwirizana ndi kampani ya mankhwala ya ku Jeremani ya BASF, ndipo makampani ena pambuyo pake anapanga zofanana nayo. Kambewu kalikonse kali ndi khungu lakelake ndi timatumba take m'kati, ndipo pulasitiki yake n'njotanuka ngati legeni. Siiphwa msanga ngati EVA, komanso siisintha kwenikweni kukazizira kapena kukatentha. Kuipa kwake n'kulemera: mukanyamula nsapato ziwiri zofanana kukula, ya TPU imamveka m'manja. Pa nsapato zotere kawirikawiri nsalu ya pamwamba kapena mphira ya pansi ndi imene imayamba kutha siponji isanagonje, ndipo kufika makilomita 800 kapena 1,000 si chachilendo. Ngati funso ndi lakuti pa kaunjika ndisankhe iti, ife tingaloze imeneyi, chifukwa ndi imene imakhululuka kwambiri makilomita a mwini wake woyamba amene simukuwadziwa.

Chenjezo limodzi pamenepa. Nsapato zachinyengo zimatengera maonekedwe a timbewu tija pongodinda mizere pa EVA wamba. Kandani ndi chikhadabo pamalire a timbewu tiwiri, ndipo chotsani choyala muyang'ane m'kati ngati pali poonekera. Pa yeniyeni timbewu timasiyana kukula ndi kakhalidwe, ndipo mukakanikiza ndi chala imakankha chalacho nthawi yomweyo. Pa yachinyengo timizere timabwerezabwereza mofanana ngati chidindo cha pa sopo, ndipo imabwerera mwaulesi.

Wachitatu ndi PEBA, siponji ya nsapato za mpikisano zimene mumaona akatswiri a ku Kenya ndi ku Itiyopiya atavala, zokhuthala ngati buledi koma zopepuka modabwitsa, zambiri zili ndi kachitsulo kosakhala chitsulo, kambale kolimba ka kaboni, kobisika m'kati. Inatchuka mu 2017 ndi nsapato ya Nike yotchedwa Vaporfly. Pa kafukufuku wa ku Yunivesite ya Kolorado amene anatuluka mu 2018, nsapato imeneyi inkabweza magawo 87 pa 100 a mphamvu imene yapanikizidwa nayo, ya TPU inkabweza 76, ndipo ya EVA 66. Othamanga ankagwiritsa ntchito mphamvu yochepa ndi magawo anayi pa 100 pa liwiro lomwelo. Pa mpikisano wa makilomita 42 kusiyana kumeneko ndi mphindi zingapo.

Koma ubwinowo sukhalitsa. Akatswiri ena a ku Sipeni, motsogozedwa ndi Rodrigo-Carranza, anayerekeza nsapato za PEBA ndi za EVA, zatsopano komanso zitathamangiridwa makilomita 450. Zili zatsopano, PEBA inapambana. Zitafika 450, ya PEBA inkafuna kuti wothamanga agwiritse ntchito mphamvu yochuluka ndi magawo pafupifupi awiri pa 100 kuposa ili yatsopano, ya EVA sinasinthe kwenikweni, ndipo ziwirizo zinafanana. Onjezani kuti nsapato za mpikisano amaziika mphira yochepa kwambiri kunsi pofuna kuchepetsa kulemera, ndiye siponji yofewayo imakhala pamtunda. Pa miyala ya msewu wopita ku Domwe, siponji yotere imanyotsoka ngati chinangwa chophika. N'njayitalinso ndiponso yopapatiza pa chidendene, moti pa mabampu ndi m'mizere ya ngolo ikhoza kukubinyitsani kakolo. Mukaipeza pa kaunjika pa mtengo wokoma, dziwani kuti mwini wake anaitaya chifukwa anamva kuti kudumpha kuja kwatha. Kwa inu si yogula.

Pali mawu ena amene mungamve kwa ogulitsa, akuti siponji yopopedwa ndi naitirojeni. Umenewo si mtundu wa pulasitiki, ndi kafufumitsidwe. M'malo mothira mankhwala otulutsa mpweya, amakankhira naitirojeni kapena mpweya wa kaboni m'pulasitikimo pa mphamvu yaikulu, ndipo timatumba timatuluka tating'ono ndi tofanana. EVA yopangidwa motere imakhala yopepuka ndi yotanuka kuposa EVA wamba. Pa makilomita muiwerengere limodzi ndi EVA yabwino.

Mtundu wina umene uyenera kutchulidwa chifukwa cha kaunjika ndi poliyurefeni wakale, wolemera ndi wolimba, amene amapezeka m'nsapato zina zakale ndi m'majombo. Ameneyu sakutha ndi makilomita koma ndi zaka. Chinyontho cha mumpweya chimadula pulasitikiyo pang'onopang'ono ngakhale nsapato ili m'bokosi, ndipo tsiku lina imangofumbutuka ngati chigumu chouma, kapena kumata m'manja. Nsapato yooneka yosavalidwa n'komwe koma yachikale ndiyo yoopsa pamenepa. Nsapato zambiri zimalembedwa mwezi ndi chaka chopangidwira pa kansalu ka saizi, kunsi kwa lilime la nsapato. Ngati papita zaka zoposa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ngakhale siponji ikhale ya mtundu wina, guluu wake amakhala atatopa.

Tsopano popeza makilomita a nsapato yanu sitingawawerenge onse, tiyeni tiifunse nsapatoyo. Ichapeni matope, iume, ndipo muiike pa tebulo losalala, zidendene zikuyang'ana kwa inu. Weramani kuti maso akhale pa msinkhu wa tebulo. Mzere wa kumbuyo kwa chidendene uyenera kuima chilili. Ngati nsapato yapendekera m'kati kapena kunja, kapena imodzi yafupika kuposa inzake, siponji yaphwa mbali imodzi. Ichi ndicho chizindikiro chimene ife timachiopa kuposa zonse. Siponji yophwa mofanana ponseponse imangokhala nsapato yolimbirapo, ndipo thupi limatha kuzolowera. Koma yophwa mbali imodzi ili ngati kuthamanga m'mbali mwa mzere wa mbatata ulendo wonse: phazi limatera mopendekeka ka 500 pa kilomita iliyonse, ndipo kupendekekako kumakwera ku msongolo ndi ku bondo. Igwedezeni ndi chala pamwamba pa chidendene. Ikamagwedera uku ndi uku ngati mpando wa mwendo waufupi, yatha.

Kenako chotsani choyala cha m'kati, mulowetse dzanja. Papasani pamene pamakhala chidendene ndi pamene pamatera mutu wa phazi, kuseri kwa zala. Mukamva dzenje, kachigwa kooneka bwino pansi pa chala chachikulu kapena pakati, ndiye chidindo cha mapatapata chija. Kanikizani ndi chala chamanthu m'dzenjemo, kenako kanikizani pakati pa nsapato, pamene phazi silipondapo kwambiri. Pakatipo ndi pamene patsala siponji yofanana ndi mmene inalili ili yatsopano. Ngati pakati pakufewa ndi kukankha chala, koma pa chidendene pali gwa ngati thabwa, mwapeza yankho. Anthu ambiri amalakwitsa pokanikiza kunja, m'mbali mwa nsapato. M'mbalimo siponji siipondedwa kwenikweni, ndiye imanamiza.

Makwinya a m'mbali amanenanso kanthu, koma muwawerenge mosamala. Timakwinya tosaya timabwera pa EVA m'milungu yoyamba ndipo si vuto. PEBA imachita makwinya tsiku loyamba lomwe. Oopsa ndi makwinya akuya, oyandikana, opingasa, amene chikhadabo chimalowamo ndipo amakhalapo nsapato ili chikhalire popanda wopondapo. Gwiraninso nsapato kumutu ndi kuchidendene muipotoze ngati mukufinya chovala. Yamoyo imakana. Ikapotoka mosavuta, kapena ikapindika pakati m'malo mopindika pa zala, yafooka.

Kuyesa kumene sikunama n'kuvala yakale phazi limodzi, ina yabwino phazi linalo, n'kuthamanga mamita 50. Bwerekani ya mnzanu uja ngati saizi ikufanana. Mvetserani ndi makutu omwe: nsapato yophwa pa dothi louma imalira kuti phwa phwa, pamene yamoyo imatera mwakachetechete.

Za misongolo. Nsapato yophwa ikhoza kukhala chifukwa, makamaka ngati ululu wabwera pang'onopang'ono miyendo yonse iwiri popanda inu kusintha kalikonse. Koma dzifunseni kaye ngati mwawonjezera mtunda, liwiro kapena zitunda m'milungu yapitayi, kapena ngati msewu wauma gwa mvula itasiya. Kuwawa kwa misongolo kumabwera kawirikawiri chifukwa chowonjezera ntchito mofulumira kuposa mmene fupa lingazolowerere. Njira yosiyanitsira n'njosavuta: chepetsani mtunda ndi theka kwa milungu iwiri mutavala nsapato ina. Ululu wofalikira m'mbali ya m'kati mwa msongolo, umene umachepa mukapuma, nthawi zambiri umamvera zimenezi. Koma ngati ululu uli pamalo amodzi oti mungaloze ndi chala chimodzi pa fupa, ukupweteka ngakhale poyenda kapena usiku, kapena patupa, siyani kuthamanga mupite kuchipatala. Limeneli likhoza kukhala fupa loyamba kung'aluka, ndipo nsapato yatsopano silichiza.

Mwa kuwerengera kwathu, nsapato yanu ngati ili ya EVA yadutsa kale malire ngakhale titaiwala mwini wake woyamba. Isandutseni yoyendera kapena ya kumunda. Wosoka nsapato akhoza kumata mphira ina kunsi, ngakhale ya tayala, n'kusoka nsalu yong'ambika, ndipo pa kuyenda ntchito imeneyo n'njabwino. Pa kuthamanga siithandiza, chifukwa chimene chafa chili pakati, pamene singano yake siifika. Choyala chatsopano cha m'kati nachonso chimangokometsa masiku ochepa. Mamilimita anayi sangagwire ntchito ya mamilimita 30, ndipo chimangotsatira dzenje limene lili pansi pake.

Pogula ina, mayeso omwewa muwachitire pamsika pomwepo, wogulitsa akuona. Yambani ndi kuchotsa choyala. Ngati zilembo za pa choyalacho zafufutika pa chidendene ndipo pali chidindo chakuda cha zala, nsapatoyo yayenda, ngakhale aichape ndi kuipaka choko m'mbali kuti iwale. Yang'anani mphira kumbuyo kwa chidendene cha kunja, pamene anthu ambiri amayambira kutera: ngati timizere tating'onoting'ono ta pamwamba pa mphira tikuonekabe, nsapatoyo yathamangiridwa pang'ono chabe, ndipo zotere zimapezeka, za anthu amene anagula saizi yolakwika. Ngati mphira yadyeka mpaka siponji yoyera kuonekera, isiyeni. Ikani ziwirizo pamalo osalala muone ngati zaima mowongoka, ndipo onetsetsani kuti n'zapabanja limodzi, chifukwa m'mabelo nthawi zina amaphatikiza ziwiri zofanana mtundu koma zosiyana msinkhu wa kutha. Siyani mpata wa chala chimodzi kutsogolo kwa chala chachitali, popeza phazi limatupa pothamanga, makamaka kotentha.

Mtengo muuwerengere pa kilomita. Tingoyerekeza: ya pa kaunjika ya mametikali 1,500 imene yatsala ndi makilomita 300 ikukudyerani mametikali asanu pa kilomita. Ina ya 2,400 yosavalidwa kwenikweni, yotsala ndi makilomita 600, ikudya anayi. Yotchipa ija ndiyo yodula, ndipo pa makilomita 32 pa mlungu mudzabwereranso kumsika isanathe milungu khumi. Tsiku limene mwagula, lembani deti ndi bolopeni kunsi kwa choyala, ndipo muyeze ndi rula kutalika kwa siponji pa chidendene, mbali ya m'kati ndi ya kunja, mulembe penapake. Mwezi uliwonse muziyezanso. Mbali imodzi ikatsika mamilimita atatu kapena anayi kuposa inzake, musadikire kuti mwendo ukuuzeni.

Ngati thumba lilola, khalani ndi mapeyala awiri osiyana mtundu n'kumasinthasintha. Ku Lukisembegi anatsatira othamanga 264 kwa milungu 22, ndipo amene ankasinthasintha nsapato anavulala mochepa ndi magawo 39 pa 100 poyerekeza ndi amene ankadalira peyala imodzi. Chifukwa chimene ofufuzawo anaganizira n'chakuti nsapato zosiyana zimagawa katundu mosiyana pa minofu ndi mafupa, ndiye malo amodzi sagundidwa tsiku lililonse. Kusinthasinthaku sikuchulukitsa kwenikweni makilomita a peyala iliyonse, monga ena amanenera. Phindu lina n'lakuti nthawi ya dzinja peyala imodzi imapeza mpata wouma, ndipo mukagula yachiwiri yoyamba ili pakatikati pa moyo wake, mumakhala ndi poyerekezera nthawi zonse.

Chimene chimapha nsapato zambiri kuno makilomita asanakwane ndi kaumitsidwe. Munthu wachapa nsapato, waiponya padenga la malata masana onse, kapena waiyandikiza ku mbaula kuti iume msanga. Kutentha kotero kumafutukula mpweya wa m'timatumba tija n'kuuthamangitsa, EVA imakhwinyata osabwereranso, ndipo guluu amalekana ndi mphira. Amene anasiyapo mapatapata padzuwa la ku Tete n'kuwapeza atafupika ndi kupindika akudziwa zimenezi. Chimodzimodzi kuisiya m'galimoto yotseka magalasi. Chapani ndi madzi ozizira, sopo wamba ndi kaburashi, osaiviika usiku wonse. Chotsani choyala, masulani zingwe, fwinyani mapepala kapena nsanza youma m'kati, muisinthe ikanyowa, ndipo nsapatoyo muiimike pamthunzi podutsa mphepo, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango. Imatenga tsiku limodzi kapena awiri. Povula muzimasula zingwe, osaponda chidendene ndi phazi linalo, chifukwa kachikho kolimba ka kumbuyo kakathyoka chidendene chimayamba kusewera, ndipo siponji imaphwa mbali imodzi ngakhale ikadali ndi makilomita ambiri m'kati mwake.